Kampani yobetchera ikatopa ndi munthu wopambana

Aliyense amene anadutsapo pa chipata cha Mwami popita ku Mchinji amawadziwa anyamata osintha ndalama. Amakhala ndi mitengo iwiri, wogulira kwacha ya Malawi ndi wogulitsira, ndipo chakudya chawo chili pakati pa mitengo iwiriyo. Wamalonda wa zitenje asinthe, wopita kumaliro asinthe, iwo sadandaula kuti wapindula ndani, popeza kagawo kawo kamatsala m'manja nthawi zonse. Koma mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Taganizirani wosintha ndalama amene m'mawa umenewo anali asanamve, ndiye pakubwera munthu amene wamva kale, atanyamula chikwama chodzaza ndi kwacha ya Malawi, n'kusintha yonse pa mtengo wadzulo. Wosinthayo akazindikira, sadzaiwala nkhope imeneyo. Tsiku lina munthu yemweyo akadzabwera mothamanga, adzamuuza kuti, "Bwana, lero ndingokusinthirani zochepa."

Izi n'zimene kampani yobetchera mpira imachita kwa kasitomala amene yamuona kuti amadziwa mtengo kuposa iyo. Siimuthamangitsa. Akaunti imatsegukabe, maodzi amaonekabe pa foni, ndalama zimalowabe kuchokera ku Airtel kapena MTN. Chimene chimasintha n'chakuti munthu amene dzulo ankaika K1,000 pa masewera amodzi lero akuuzidwa kuti asapitirire K50. Ambiri m'mashopu obetchera a ku Kapata ndi ku Down Shops amati zikatero ndiye kuti kampani yakwiya chifukwa chodyedwa ndalama zambiri. Chifukwa chenicheni n'china, ndipo munthu akachimvetsa amaona masewera onsewa ndi maso ena.

Tiyambe ndi mmene kampani imadyera. Tiyerekeze kuti Power Dynamos ikusewera ndi Zanaco, ndipo maodzi ali motere: 2.10 kuti eni bwalo apambane, 3.20 kuti afanane mphamvu, 3.40 kuti alendo apambane. Odzi iliyonse ndi mtengo, ndipo imabisa mwayi umene kampani ikuwerengera. Mukagawa 100 ndi 2.10 mupeza 47.6, mukagawa ndi 3.20 mupeza 31.3, mukagawa ndi 3.40 mupeza 29.4. Kuphatikiza zitatuzi kukupereka 108.3. Komatu mwayi wa zinthu zitatu zimene chimodzi mwa izo chiyenera kuchitika sungapose 100. Zapamwambazo, 8.3, ndiye kagawo ka wosintha ndalama uja. Tanthauzo lake n'lakuti pa K100 iliyonse imene anthu aika pa masewerawa, pafupifupi K92 imabwerera kwa obetcha ndipo pafupifupi K8 imatsala ku kampani, apambane a Dynamos kapena a Zanaco.

Tikiti ya masewera ambiri, imene anyamata a njinga ndi a m'misika amaikonda kwambiri chifukwa K5 imalonjeza masauzande, imachulukitsa kagawoka. Masewera asanu otere pa tikiti imodzi amabweza pafupifupi K67 pa K100. Masewera khumi amabweza pafupifupi K45. N'chifukwa chake munthu amene wagwetsa K80,000 pa tikiti ya masewera khumi ndi awiri sachepetsedwa malire. Amajambulidwa chithunzi atanyamula cheke chachikulu, dzina lake n'kumveka pa wailesi. Kampani ikudziwa kuti anagula pa mtengo woipa ndipo mwayi unangomugwera. Akapitiriza, ndalamazo zidzabwerera kumene zinachokera.

Munthu amene kampani imamuopa ndi wina, ndipo nthawi zambiri sadziwika n'komwe pa shopu. Tiyerekeze mphunzitsi wina wa masamu wa ku Kalongwezi amene amatsata ligi ya Zambia mwakhama. Lachitatu m'mawa kampani yatulutsa maodzi a masewera a Loweruka, ndipo yaika eni bwalo pa 2.40. Mphunzitsiyo wamva pa wailesi kuti goloboyi wa alendo wavulala ndipo osewera awo awiri aitanidwa ku timu ya dziko. Akudziwa kuti 2.40 ndi mtengo wadzulo. Akuika K1,000. Pofika Loweruka masana nkhani ija yafala, ndalama za anthu ena zalowa, ndipo odzi yatsika kufika pa 2.10.

Odzi yomaliza imeneyi, ya pamene woimbira akuliza wezulo yoyamba, ndiyo muyeso umene akatswiri a makampani amaukhulupirira kwambiri, chifukwa pofika nthawiyo nkhani zonse zadziwika ndipo ndalama zonse zalankhula. Tikachotsa kagawo ka kampani pa 2.10 ija, mwayi weniweni wa eni bwalo ndi pafupifupi 44 pa 100. Mphunzitsi wathu ali ndi tikiti yolipira K2,400 pa chinthu chimene chimachitika ka 44 pa maulendo 100. Kuchulukitsa K2,400 ndi 0.44 kukupereka K1,056. Ndiye kuti tikiti imene anagula K1,000 ili ndi mtengo wa K1,056, ndipo K56 yapamwambayo yachoka m'thumba la kampani ngakhale mpira usanagundidwe. Eni bwalo akaluza Loweruka limenelo, mphunzitsiyo ataya K1,000 yake, koma m'mabuku a kampani walembedwa kale ngati munthu amene anagula motchipa. Akachita zomwezo kakhumi, kamakumi awiri, odzi n'kumatsika pambuyo pake nthawi zonse, kompyuta imamuika chizindikiro, ndipo wogwira ntchito mu ofesi yoona za ngozi za ndalama amatsegula akaunti yake n'kuiwerenga.

Akaunti iliyonse imakhala ndi nambala yobisika imene kasitomala saiona. Watsopano amayamba ndi 1, kutanthauza kuti akhoza kuika ndalama zonse zimene kampani imalola pa masewerawo. Nambalayo ikatsitsidwa kufika pa 0.1, amaloledwa gawo limodzi mwa magawo khumi. Ikafika pa 0.01, amaloledwa limodzi mwa magawo 100. Kwa woluza wamkulu nambalayo ikhoza kukwezedwa kuposa 1, ndipo amatumiziridwa mabonasi. Zizindikiro zakuti yanu yatsitsidwa sizivuta kuona. Tikiti imakanidwa ndi uthenga wonena za `max stake`. Mnzanu amene mwakhala naye pa benchi imodzi akuloledwa K2,000 pa masewera omwewo pamene inu mukuloledwa K80. Tikiti imayamba kuzungulira masekondi angapo isanalandiridwe, kenako n'kubwera ndi odzi yotsika. Mabonasi amasiya kubwera. Malamulo amene tonse timavomereza osawerenga potsegula akaunti amapatsa kampani ufulu wokana beti iliyonse kapena gawo lake popanda kupereka chifukwa, choncho mukaimba foni kudandaula, yankho limakhala lakuti ndi chiganizo cha kampani.

Kupatula odzi yomaliza, pali zina zimene zimafulumizitsa chizindikirocho. Kubetcha pa maligi ang'onoang'ono ndi chimodzi, chifukwa kumeneko n'kumene kampani imalakwitsa mitengo kawirikawiri. Masewera a Arsenal ndi Liverpool amawerengedwa ndi dziko lonse, ndipo munthu wa ku Mchini sangadziwe chimene msika sukudziwa. Masewera a ligi yachiwiri ya kwathu kuno amaikidwa mtengo ndi munthu kapena makina amene sanapondepo pa bwalo la David Kaunda. China ndi kubetcha maodzi akangotuluka, kapena kugwira odzi yokhayo imene yatsalira m'mbuyo makampani ena onse atatsitsa kale. China ndi ndalama zosazungulira, monga K437, zimene zimaonetsa kuti munthu akuwerengera ndi chowerengera. Chinanso ndi kulowa pokhapokha pakakhala bonasi.

Kuti zimenezi si mphekesera za m'mashopu tikudziwa kuchokera ku maiko amene boma linafunsa makampani. Mu Julaye 2025 bungwe loyang'anira juga ku Britain, la Gambling Commission, linatulutsa ziwerengero zochokera ku makampani akuluakulu. Mwa maakaunti pafupifupi 15 miliyoni, 643,779 anali ataikidwa malire a mtundu wina, ndiye kuti oposa pang'ono anayi pa 100 alionse. Mwa makasitomala onse, mmodzi mwa anayi ndiye anali ndi phindu. Mwa oikidwa malirewo, opindula anali pafupifupi 47 pa 100. Chiwerengero chomalizachi chikunena zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti opambana ndiwo amasakidwa. Chachiwiri, chimene anthu ambiri sachiona, n'chakuti oposa theka la oikidwa malirewo analibe phindu. Ena mwa iwo anatsekeredwa njira asanadye kanthu, chifukwa cha kabetchedwe kawo kokha.

Masamu a mphunzitsi uja akufotokoza chifukwa chake. Phindu la K56 pa tikiti ndi laling'ono poyerekeza ndi kukwera ndi kutsika kwa mwayi. Akaika matikiti 100 a K1,000, phindu loyembekezeka ndi K5,600, koma mwa anthu atatu obetcha mwaluso lomwelo, mmodzi amafika pa tikiti ya 100 ali ndi ndalama zochepa kuposa zimene anayamba nazo. Kuti luso lake lionekere bwino m'thumba pamafunika matikiti mazanamazana. Kampani siyembekezera zimenezo. Iyo imayang'ana mitengo, ndipo mitengo imaulula munthu msanga. Mpikisano weniweni uli pamenepa: kampani imadziwa kuti ndinu katswiri inu musanakolole za ukatswiri wanu.

Ofufuza atatu, Lisandro Kaunitz, Shenjun Zhong ndi Javier Kreiner, anaziyesa okha n'kulemba zotsatira mu 2017. Njira yawo inali yosavuta kuimva: ankasonkhanitsa maodzi a makampani ambiri, n'kubetcha kumene kampani imodzi yapereka odzi yokwera kwambiri kuposa anzake. Ataika ndalama zenizeni, madola 50 pa beti iliyonse, anapanga mabeti 265 m'miyezi isanu n'kupindula madola 957.50. Kenako makampani anayamba kuwachepetsera malire, mabeti ena n'kumadikira kuti munthu awavomereze, mpaka anasiya. Njira yawo inali isanalephere ayi. Chimene chinatha ndi malo oigwiritsira ntchito.

Tsono munthu woganiza za zaka, osati za Loweruka likudzali, atani? Choyamba ayenera kuona akaunti ngati dimba limene lili ndi nyengo yake. Phindu lonse limene angapeze pa kampani imodzi ndi phindu la pa tikiti kuchulukitsa ndi matikiti amene adzaloledwe asanaikidwe malire. Mphunzitsi wathu akaloledwa matikiti 60 a K1,000, chiyembekezo chake chonse ndi K3,360. Malire akatsika kufika pa K50, luso lomwelo, maola omwewo omvera wailesi ndi kuwerenga, zikubala K2.80 pa tikiti, yosakwana n'komwe bandulo ya intaneti imene wagwiritsa ntchito. Makampani a chilolezo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo ambiri amagula maodzi ndi makina oyesera makasitomala kwa ogulitsa ochepa omwewo, choncho kusamuka kuchoka ku ina kupita ku ina ndi ulendo waufupi.

Apa m'pamene pali msampha umene ulibe potulukira pabwino. Kumene luso la munthu wa kuno lingagwire ntchito, pa mpira wa kwathu, n'kumene malire ali otsika kale ndipo chizindikiro chimabwera msanga. Kumene malire ali okwera ndipo kampani sichita mantha, pa ligi ya England mphindi zochepa mpira usanayambe, n'kumene mtengo uli wolondola kale ndipo kagawo ka kampani kamakudyani ngati wina aliyense. Akatswiri a kunja amayesa kutalikitsa moyo wa akaunti podzibisa: amaika ndalama zozungulira, amadikira kuti tsiku la masewera liyandikire, amaponyamo matikiti a masewera ambiri kuti aoneke ngati wamba. Koma chophimba chilichonse chili ndi mtengo. Tikiti ya K200 ya masewera asanu yoikidwa pongodzibisa imataya pafupifupi K66, kuposa phindu lonse la tikiti yabwino ya K1,000. Kudikira mpaka Loweruka ndiko kulola 2.40 ija itsike kufika pa 2.10.

Kwa ife a ku Zambia palinso msonkho, umene mabuku ambiri olembedwa ku Britain satchula chifukwa kumeneko wobetcha salipira msonkho pa zimene wapambana. Kuno, m'zaka zaposachedwa, 15 pa 100 yakhala ikudulidwa pa zopambana ndalama zisanafike pa foni. Tibwerere kwa mphunzitsi. Tikiti yake ikapambana, phindu ndi K1,400; tikadula msonkho pa phindu lokhalo, K210 yapita, ndipo iye alandira K2,190. Kuchulukitsa ndi 0.44 kukupereka pafupifupi K964. Tikiti imene kampani ikuiona ngati yoidyera K56 yasanduka yotayitsa mwini wake K36. Kuti angobweza yake, anafunika kupeza odzi ya 2.50 pa masewera amene adzatsekere pa 2.10, ndipo mipata yotere siipezeka mlungu uliwonse. Onani kupweteka kwake: kampani imuika malire chifukwa iyo ikutaya, pamene iyenso akutaya. Mu 2025 boma linaonjezera msonkho wina wa 10 pa 100 pa ndalama zobetchera, ndipo makampani a Betway ndi betPawa anakautsutsa ku khoti loona za malamulo aakulu a dziko. Misonkho imasintha ndi bajeti, choncho musanawerengere phindu lililonse, yang'anani pa tikiti yanu zimene zikudulidwa lero, n'kubwereza masamu amenewa ndi nambala zimenezo.

Njira imene ambiri amathamangira akaikidwa malire ndiyo yoopsa kwambiri: kutsegula akaunti m'dzina la mlongo, la mkazi kapena la msuweni wa ku Katete, pogwiritsa ntchito reji ndi nambala ya foni yake. Malamulo a makampani amaletsa zimenezi, ndipo kuzigwira sikuvuta. Foni ndi yomweyo, masewera ndi omwewo, nthawi yobetchera ndi yomweyo. Kampani imatha kungoyang'ana pamene ndalama zikulowa, n'kudzafunsa chithunzi cha mwini reji tsiku lotapa ndalama zambiri. Ikapeza kuti wobetcha si mwini dzina, ili ndi chifukwa cholembedwa chofafanizira mabeti ndi kutseka akaunti, ndipo mulibe poyambira kudandaula. Munthu woikidwa malire okha amatapa ndalama zake zonse bwinobwino. Wogwidwa ndi akaunti ya wina akhoza kuzitaya. Ndipo ndalama zikafika pa nambala ya msuweni uja, mwa lamulo zili m'manja mwake, nkhani imene yaswapo maubale. Kubetcha ndi ndalama m'manja pa shopu kumabisa dzina kwa kanthawi, koma Chipata ndi yaing'ono, wa pa kauntala amadziwa nkhope, ndipo ndalama zikachuluka amayamba wafunsa akuluakulu ake.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikutiuza kanthu za anthu ogulitsa "maodzi otsimikizika" pa WhatsApp. Munthu amene amapambanadi mosalekeza akanakhala ataikidwa malire, ndipo gulu lake lonse likamabetcha masewera amodzi nthawi imodzi, odzi ikanagwa anthu ambiri asanaigwire. Wogulitsa amene akukuumirizani kutsegula akaunti kudzera pa linki yake kawirikawiri amalandira komishoni kuchokera ku kampani, ndipo m'mapangano ambiri otere komishoniyo ndi gawo la ndalama zimene inu mwaluza. Muyeseni ndi muyeso wa kampani: lembani odzi imene wakupatsani ndi odzi yomaliza, kwa masewera 50. Ngati sizitsika pambuyo pake, alibe chimene akudziwa.

Muyeso womwewo muuike pa inu nokha. Kope la sukulu likwanira: tsiku, masewera, ndalama, odzi imene munagwira, odzi yomaliza, ndi zimene munalandira msonkho utachoka. Anthu ambiri amene amati "ine ndimadya" sanalembepo. Ngati mwabetcha zaka zitatu pa kampani imodzi, malire anu sanakhudzidwe ndipo mauthenga a bonasi akubwerabe Lachisanu lililonse, kampaniyo yakuwerengani kale ndipo yakuikani m'gulu la oipindulitsa.

Kodi kampani ikulakwa? Mbali ina ndiimvetsa. Kampani imene imaika mitengo pa masewera masauzande patsiku singakhale yolondola pa onse, ndipo ikapanda kudziteteza iyenera kukweza kagawo kake kwa aliyense kapena kuchotsa maligi ang'onoang'ono. Malire amathandizanso kugwira mabeti a masewera ogulidwa. Koma si njira yokhayo yochitira malondawa. Kampani ya Pinnacle inatchuka polandira opambana: imatenga kagawo kochepa, ndipo katswiri akabetcha imagwiritsa ntchito beti yakeyo kukonza mtengo. Betfair, imene inayamba mu 2000, imakumanitsa obetcha okhaokha n'kutenga komishoni, ngakhale kuti mu 2008 nayonso inaika chindapusa chapadera pa opambana kwambiri. Chimene sindingachivomereze ndi kusalingana kwake. Zikwangwani za m'mbali mwa msewu wa Great East zimalonjeza aliyense kuti akhoza kupambana. Woluza amaloledwa kuika ndalama za feteleza zonse usiku umodzi popanda womufunsa, koma wodziwa masamu amaimitsidwa pa K50 mwakachetechete. Makina amene amazindikira katswiri m'milungu yochepa angathenso kuzindikira bambo amene akuthamangitsa ndalama zimene waluza pakati pa usiku.

Maiko ena ayamba kuchitapo kanthu. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, kuyambira mu 2014 kampani yolandira mabeti pa mipikisano ya akavalo ya mumzinda imakakamizidwa kulandira beti ya munthu aliyense pa odzi imene yalengeza, mpaka pamene ingataye madola 2,000 a kumeneko. Ku Massachusetts, m'dziko la America, bungwe loyang'anira juga linaitana makampani mu Meyi 2024 kuti adzafotokoze poyera mmene amaikira malire. Makampani amene ankagwira ntchito kumeneko sanabwere, ndipo anadzaonekera pa msonkhano wina mu Sepitembala.

Kuno kwathu makampani amalandira chilolezo pansi pa lamulo la Betting Control Act, ndipo bungwe la Betting Control and Licensing Board ndilo lili ndi mphamvu pa zilolezozo. Pempho langa kwa bungweli ndi kwa aphungu athu a kum'mawa ndi la zinthu ziwiri zimene sizifuna ndalama za boma. Kampani ikachepetsa malire a munthu, imuuze polemba, tsiku lomwelo, ndi malire atsopanowo. Ndipo odzi iliyonse yolengezedwa pa foni kapena pa khoma la shopu ikhale ndi ndalama yochepetsetsa imene kampani iyenera kulandira kwa kasitomala aliyense, woluza ndi wopambana yemwe.